Kuyeza Munda wa Malire Okhotakhota ndi Timabokosi

Munda wa m'buku la masamu umakhala wa ngodya zinayi, mbali zake zowongoka ngati zojambula ndi rula. Wophunzira amachulukitsa mulitali ndi mulifupi, nkupeza yankho. Koma minda imene ili m'mbali mwa Zambezi ndi Revubwe, kuno ku Tete, sinajambulidwe ndi rula. Malire ake amatsata gombe la mtsinje, amazungulira chulu, amakhota pamene pali mlambe, ndipo amathera pamene khasu la mnansi linayambira. Munda wotero ulibe mulitali umodzi kapena mulifupi umodzi woti nkuchulukitsa.

Komabe mwini munda amafunika kudziwa kukula kwake. Mlangizi wa zaulimi amatchula mbewu ndi feteleza pa hekitala. Madzi akasefukira, monga anachitira a Revubwe ku Chingodzi mu Marichi 2019, olemba zowonongeka amafunsa kuti malo amene akokoloka ndi aakulu bwanji. Pamene mabanja oposa 700 anasamutsidwa ku Moatize kupita ku Kateme m'zaka za 2009 ndi 2010, kuti pamalo awo pakumbidwe malasha, analonjezedwa mahekitala awiri banja lililonse, koma anayamba alandira imodzi yokha. Munthu amene sadziwa kuti hekitala imayambira pati nkuthera pati amangovomera chimene wauzidwa.

M'phunziro lino tiona njira imodzi yokha, yowerenga timabokosi pa chithunzi chojambulidwa kuchokera m'mwamba kapena pa chojambula cha pamanja. Tiyeza munda umodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto, kenako tiona pamene njirayi imasokeretsa, ndi mmene mphunzitsi angazindikirire kuti wophunzira waphonya pati.

Mawu oyamba kugwirizana

Musanagawe mapepala, gwirizanani ndi ophunzira pa mawu. Funso lakuti "Munda uwu ndi waukulu bwanji?" lili ndi mayankho awiri m'Chinyanja. Mwana wina amaganiza za ulendo woyenda m'malire mpaka kubwerera pamene unayambira. Wina amaganiza za nthaka yonse imene khasu liyenera kugaula. Onse awiri amva bwino, chifukwa mawu akuti "kukula" amanyamula zonsezi. Buku la Chipwitikizi limasiyanitsa: choyamba limati perimeturu, chachiwiri limati ariya. Ife m'phunziro lino choyamba tizichitcha "kutalika kwa malire", ndipo chachiwiri "kukula kwa malo".

Kusiyana kumeneku kumaoneka bwino ndi chingwe. Tengani chingwe cha mamita 24, mumange nsonga zake, ndipo ana anayi achigwire pabwalo la sukulu. Akachikoka kuti mbali iliyonse ikhale mamita 6, mkati mwake mumalowa timabokosi 36 ta mita imodzi mbali zonse. Akachikoka kuti chikhale mamita 10 mulitali ndi mamita 2 mulifupi, mumalowa timabokosi 20 tokha. Chingwe ndi chomwecho, malire sanafupike, koma malo achepa. Funsani ana kuti, pa minda iwiriyi, mpanda wodula kwambiri ndi uti, ndipo wofuna mbewu zambiri ndi uti. Mpanda ndi wofanana, mbewu ndi zosiyana.

Kabokosi ka mita imodzi mbali zonse ndiko muyezo wathu. Timakatcha sikweya mita, buku la Chipwitikizi limati meturu kwadiradu, ndipo chizindikiro chake ndi m². Hekitala ndi bokosi lalikulu la mamita 100 mbali zonse, ndiye kuti masikweya mita 10 000. Bwalo la mpira la masewero akuluakulu, la mamita 105 kwa 68, ndi masikweya mita 7 140, choncho hekitala imaposa bwalo limodzi koma siyikwana mabwalo awiri. Sungani chithunzithunzi chimenechi m'mutu, chifukwa chidzatithandiza kuyesa mayankho.

Pali liwu lina lofunika kusamala nalo. Mabuku ena amatcha mgwirizano wa pakati pa chithunzi ndi malo enieni kuti "sikelo". Kwa mwana wa kumsika, sikelo ndi choyezera chimanga ndi nyama, ndipo maganizo ake amathamangira ku makilogalamu. Ndi bwino kunena kuti "mlingo wa chithunzi", ndipo ana akamvetsa, muwapatse liwu la Chipwitikizi lakuti esikala.

Kupeza mlingo wa chithunzi

Chithunzi cha m'mwamba mungachitenge pa pulogalamu monga Google Earth, imene imaonetsa minda ya m'mbali mwa mitsinje yathu mooneka bwino. Posindikiza, onetsetsani zinthu ziwiri. Choyamba, chithunzicho chiyang'ane pansi molunjika, osati chopendekeka. Chachiwiri, kamzere ka mlingo, kamene kamakhala m'munsi mwa chithunzi ndi nambala ya mamita, katuluke nawo papepala. Chithunzi chopanda kamzere kameneka chimangoonetsa maonekedwe a munda, sichinena kukula kwake.

Tiyerekeze kuti tasindikiza chithunzi cha munda wa chimanga wa m'mbali mwa Revubwe. Manambala amene titsate ndi ophunzirira, koma ntchito yake ndi yomwe mudzagwira pa munda weniweni. Kamzere ka mlingo kalembedwa kuti mamita 50. Tikakayeza ndi rula, tikupeza masentimita 2,5. Tikagawa 50 ndi 2,5 tipeza 20. Choncho sentimita imodzi papepala ikuimira mamita 20 pamunda.

Tsopano tijambula timabokosi ta sentimita imodzi mbali zonse pa pulasitiki yoonekera mkati, kapena pa pepala lopyapyala lotha kuonetsa zapansi pake, nkuliyala pamwamba pa chithunzi. Ngati zimenezi palibe, jambulani mizereyo ndi pensulo pachithunzi pomwepo. Funso lofunika kuposa onse m'phunziroli ndi ili: kabokosi kamodzi kakuimira malo aakulu bwanji? Mbali yake imodzi ndi mamita 20, mbali inayonso ndi mamita 20. Choncho:

20 m × 20 m = 400 m²

Musalembe nambalayi pabolodi ana asanaipeze okha. Ngati bwalo la sukulu lilola, yezani mamita 20 mbali zonse, muike miyala pangodya zinayi, ndipo ana aime mkati. Aone ndi maso kuti kabokosi kamene papepala kamabisika ndi chala, pansi ndi malo oti nkumangapo nyumba ndi khola lomwe.

Kuwerenga timabokosi

Yambani ndi kutsata malire a munda ndi cholembera chosongoka, kuti pakhale mzere umodzi wotsekeka. Mukatero muona kuti timabokosi tagawika patatu. Tina tili mkati mwa munda tathunthu, ndipo tizititcha todzaza. Tina mzere wa malire wadutsa pakati pake, ndipo tizititcha todulidwa. Totsalato tili kunja ndipo tilibe ntchito. M'kabokosi kodzaza ikani kadontho, m'kodulidwa ikani kamtanda. Werengani mzere ndi mzere, kuchokera pamwamba kutsika, nkumalemba zopeza pa mzere uliwonse. Mwana wowerenga modumphadumpha amabwereza kabokosi kamodzi kawiri, kapena kukasiya.

Munda wathu watenga mizere isanu ya timabokosi, ndipo pamene watambalala kwambiri wafika timabokosi 8. Zopeza zili motere:

Mzere woyamba: todzaza 0, todulidwa 5
Mzere wachiwiri: todzaza 3, todulidwa 4
Mzere wachitatu: todzaza 5, todulidwa 3
Mzere wachinayi: todzaza 5, todulidwa 3
Mzere wachisanu: todzaza 0, todulidwa 7

Tikaphatikiza, todzaza tilipo 13 ndipo todulidwa tilipo 22.

Tisanathamangire yankho, manambala awiriwa akutiuza kale zinthu ziwiri zosakayikitsa. Munda sungachepere timabokosi 13, chifukwa timeneti tili mkati tathunthu, ndipo 13 kuchulukitsa ndi 400 ndi masikweya mita 5 200. Munda sungaposenso timabokosi 35, ndiko kuti todzaza ndi todulidwa pamodzi, chifukwa kunja kwa timeneti kulibe nthaka ya mundawu, ndipo 35 kuchulukitsa ndi 400 ndi masikweya mita 14 000. Kukula kwenikweni kuli penapake pakati pa mipanda iwiriyi. Aliyense wotiuza kuti mundawu ndi theka la hekitala, kapena kuti ndi mahekitala awiri, tingamutsutse popanda kuwerengera china chilichonse.

Nanga todulidwa 22 tija titani nato? Tina munda walowamo pang'ono chabe, tina watsala pang'ono kudzaza. Malire akamakhotakhota mosatsata mizere yathu, tochepa ndi tochuluka timakwaniritsana, monga mmene mabeseni awiri, lina losefukira pang'ono kupitirira theka lina losafika theka, amadzazira beseni limodzi. Ndiye timatenga kabokosi kodulidwa kalikonse ngati theka. Theka la 22 ndi 11, ndipo 13 kuphatikiza 11 ndi 24.

24 × 400 m² = 9 600 m²

Tikagawa 9 600 ndi 10 000 tipeza mahekitala 0,96. Mundawu watsala pang'ono kukwana hekitala imodzi. Ngati mlangizi wanena kuti hekitala imafuna makilogalamu 25 a mbewu ya chimanga, mwini mundawu afunika makilogalamu 24, ndipo akagula 25 sanalakwe.

Pali njira inanso yowerengera todulidwa, imene mabuku ena amaphunzitsa. Kabokosi kamene munda wadzaza kupitirira theka kamawerengedwa ngati kathunthu, ndipo kosafika theka kamasiyidwa. Tinene kuti pa 22 tija, 10 ndito tapitirira theka. Ndiye tili ndi timabokosi 23, kapena masikweya mita 9 200. Ophunzira akaona 9 600 ndi 9 200 amafunsa kuti yankho lolondola ndi liti. Ayankheni moona: onse awiri ndi oyerekeza, ndipo kuyandikana kwawo ndiko kukutipatsa chikhulupiriro. Nchifukwa chake yankho la ntchito imeneyi limayamba ndi mawu akuti "pafupifupi". Mwana wolemba kuti "pafupifupi hekitala imodzi, kuchepera pang'ono" wamvetsa kuposa wolemba 9 600 ngati kuti wawerenga mita iliyonse.

Kuchepetsa chikayiko

Mpata wa pakati pa 5 200 ndi 14 000 ndi waukulu, masikweya mita 8 800. Chikayiko chonsechi chagona m'timabokosi todulidwa, choncho njira yochichepetsera ndi kuchepetsa timabokosito. Tiyale ukonde wina wa timabokosi ta theka la sentimita. Mbali iliyonse tsopano ikuimira mamita 10, ndipo kabokosi kamodzi ndi masikweya mita 100. Onani kuti tadula mbali pakati, koma malo a kabokosi achepa kanayi, chifukwa m'kabokosi kakale mukulowa tatsopano tinayi.

Todzaza 13 tija tasanduka 52, ndipo sitifunika kutiwerenganso. Ntchito ili pa todulidwa 22, timene tasanduka 88. Tikatiyang'ana, tikupeza kuti 20 tili mkati tathunthu, 44 ndi todulidwa, ndipo 24 tili kunja. Todzaza tonse tsopano ndi 72. Theka la 44 ndi 22, ndipo 72 kuphatikiza 22 ndi 94.

94 × 100 m² = 9 400 m²

Mipanda yathu yasendera pafupi. Munda sungachepere masikweya mita 7 200, ndipo sungapose 11 600, popeza 72 kuphatikiza 44 ndi 116. Mpata watsika kuchoka pa 8 800 kufika pa 4 400. Umu ndi mmene zimakhalira kawirikawiri: mbali ya kabokosi ikadulidwa pakati, chikayiko chimatsika ndi pafupifupi theka. Koma mtengo wake ulipo, chifukwa timabokosi toyang'ana tachuluka kanayi, ndipo maso akatopa zolakwa za kuwerenga zimachuluka. Pogula mbewu, ukonde woyamba unali wokwanira. Pa mkangano wa malire, ngakhale wachiwiriwu ndi wosakwanira.

Pamene lamulo la theka limanama

Lamulo lotenga todulidwa ngati theka limadalira kuti malire adutse timabokosi mosiyanasiyana. Limasokera pamene mbali ina ya munda ndi yowongoka, monga yotsata msewu kapena ngalande, ndipo yagona motsatana ndi mzere wa ukonde. Tiyerekeze kuti pa mzere wachisanu uja, malire owongoka angolowa pang'ono m'timabokosi 7 tonse, kotero kuti m'kabokosi kalikonse munda watenga gawo limodzi mwa magawo khumi. Lamulo la theka litipatsa timabokosi 3,5, pamene zoona zake ndi 0,7. Tawonjezera timabokosi 2,8, ndiko kuti masikweya mita 1 120 amene kulibe.

Chizindikiro chake nchosavuta kuona: mzere wonse wa todulidwa umaoneka mofanana, tonse tochepa kapena tonse totsala pang'ono kudzaza. Mankhwala ake ndi kusuntha pulasitiki kuti mzere wa ukonde ugone ndendende pa malire owongokawo, ndipo todulidwa ta mbali imeneyo titheratu. Njira ina ndi kutembenuza pulasitiki pang'ono nkuwerenganso. M'kalasi, lolani gulu lililonse liyale ukonde wake mmene lafunira. Mayankho adzasiyana pang'ono, ndipo mukawaphatikiza nkugawa ndi chiwerengero cha magulu, mudzapeza nambala yodalirika kuposa ya gulu limodzi.

Zolakwa zimene mudzakumana nazo

Cholakwa chofala koposa ndi kuchulukitsa ndi mlingo kamodzi kokha. Mwana amaganiza kuti, popeza sentimita imodzi ndi mamita 20, kabokosi kamodzi ndi masikweya mita 20. Amachulukitsa 24 ndi 20 nkupeza 480. Mukaona yankho lochepa maulendo 20 ndendende poyerekeza ndi lanu, dziwani kuti vuto ndi limeneli, osati kuwerenga timabokosi. Musamuuze kuti walakwa. Mufunseni kuti munda wa masikweya mita 480 ndi wotalika bwanji mbali zake. Adzapeza kuti ndi pafupifupi mamita 22 kwa 22. Kenako ayeze ndi rula munda wa pachithunzi, umene mulitali mwake ukuyandikira masentimita 8, ndiye kuti mamita 160. Adzaona yekha kuti ziwirizi sizingagwirizane.

Cholakwa chachiwiri chimachokera kwa mphunzitsi, pamakina ochulukitsira mapepala. Mukakulitsa chithunzi kuchoka pa pepala la A4 kupita pa A3, utali uliwonse umakula pafupifupi maulendo 1,41, ndipo malo amakula kawiri. Munda wa timabokosi 24 umasanduka wa timabokosi 48. Ngati munalemba pansi pa chithunzi kuti sentimita imodzi ndi mamita 20, mawuwo sasintha, ndipo ana adzapeza masikweya mita 19 200, kawiri kukula kwenikweni. Kamzere ka mlingo ndiko sikanama, chifukwa kamakula limodzi ndi chithunzi. Choncho lamulo likhale lakuti pepala lililonse liyezedwe kamzere kake ndi rula, ngakhale mlingo utalembedwa kale.

Chachitatu ndi kalembedwe ka manambala. Kuno ku Mozambiki timalemba 0,96 ndi mpumiro, pamene mabuku a ku Malawi amalemba ndi kadontho. Ambiri mwa inu mudzatumizidwa ku Angonia, Tsangano, Makanga kapena Chifunde, kumene ana ena amaona mabuku a mbali zonse ziwiri za malire. Kumeneko mudzamvanso makolo ena akunena za maekala m'malo mwa mahekitala. Ekala imodzi ndi pafupifupi masikweya mita 4 047, choncho hekitala ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Munda wathu wa 9 400 ndi maekala awiri ndi kachigawo. Mwana akabwera ndi yankho lochokera kwa bambo wake losiyana ndi la m'kalasi kawiri ndi theka, yambani mwafunsa kuti bambowo amanena muyezo uti.

Pali kayesedwe kamodzi kogwira zolakwa zambiri nthawi imodzi. Jambulani bokosi lalikulu lozinga munda wonse. Lathu ndi timabokosi 8 kwa 5, ndiye kuti mamita 160 kwa 100, kapena masikweya mita 16 000. Yankho lililonse loposa pamenepa ndi lolakwa, ndipo yankho lochepa kwambiri poyerekeza ndi theka lake liyenera kuunikidwanso, pokhapokha ngati munda ndi wowonda ndiponso wokhota ngati chikwakwa.

Ngati chithunzi cha m'mwamba palibe

Sukulu zambiri zilibe magetsi kapena makina osindikizira. Njirayi imagwirabe ntchito pa chojambula cha pamanja, koma chikhale chojambulidwa ndi miyezo. Chojambula cha m'maso chabe, ngakhale chifanane ndi munda, chilibe mlingo, ndipo kuwerenga timabokosi take ndi kutaya nthawi.

Pitani ndi ophunzira kudimba la sukulu. Khomani zikhomo ziwiri kumathero awiri a dimba, pamene latalika kwambiri, ndipo mukoke chingwe chowongoka pakati pake. Chingwechi ndicho msana wa chojambula. Tinene kuti chatalika mamita 60. Pa mamita 10 alionse ikani mwala. Kuchokera pa mwala uliwonse, yezani mopingasa kufika kumalire a kudzanja lamanja, kenako a kumanzere, nkulemba manambala onse awiri. Kupingasako kukhale kolunjika, osati kopendekera. Chingwe cha mamita 12 chomangidwa mfundo pa mamita 3 ndi pa mamita 7 chimathandiza: mukalumikiza nsonga zake nkuchikoka pa mfundozo, chimapanga mbali za mamita 3, 4 ndi 5, ndipo ngodya ya pakati pa mbali ya 3 ndi ya 4 imakhala yolunjika ngati ya chitseko.

Pobwerera m'kalasi, tengani kope la masamu la timabokosi. Gwirizanani kuti mbali ya kabokosi kamodzi ikuimira mamita 5, ndiye kuti kabokosi ndi masikweya mita 25. Msana wa mamita 60 utenga timabokosi 12. Ikani madontho pamene miyezo yopingasa yathera, muwalumikize motsata mmene malire amakhotera, ndipo werengani monga poyamba paja. Ngati todzaza tili 38 ndipo todulidwa 34, tili ndi 38 kuphatikiza 17, ndiko kuti 55, ndipo 55 kuchulukitsa ndi 25 ndi masikweya mita 1 375.

Ngati tepi yoyezera palibe, mapazi amagwira ntchito, koma munthu aliyense ayambe wadziwa sitepe yake. Yezani mamita 20 ndi rula ya pabolodi, ndipo woyendayo awerenge masitepe ake maulendo atatu. Akapeza 28, sitepe yake ndi pafupifupi masentimita 70. Munthu yemweyo ndiye ayeze dimba lonse. Kumbukirani kuti cholakwa cha sitepe chimalowa kawiri, mulitali ndi mulifupi: mukalakwitsa sitepe ndi magawo 5 pa 100 alionse, kukula kwa malo kumalakwika ndi pafupifupi magawo 10 pa 100.

Malire a njirayi

Chithunzi cha m'mwamba chimaonetsa munda mmene unalili tsiku lojambulidwa. M'mbali mwa mtsinje, gombe limasuntha. Madzi a namondwe Ana, amene mu Januwale 2022 anagumula mlatho wa pa Revubwe pakati pa Tete ndi Moatize, sakanasiya magombe ali chimodzimodzi. Yang'anani tsiku la chithunzi, limene pulogalamu imaonetsa, ndipo ngati nkotheka yendani m'malire ndi mwini munda musanajambule mzere. Mithunzi ya mitengo imabisanso malire, ndipo minda iwiri yoyandikana ya mbewu imodzi imaoneka ngati umodzi.

Chithunzi chojambulidwa chopendekeka, monga cha munthu woima paphiri kapena pamlatho, sichingagwiritsidwe ntchito, chifukwa zapafupi zimakula ndipo zakutali zimachepa, kotero mlingo sukhala umodzi papepala lonse. Za mtsetse musade nazo nkhawa kwambiri. Chithunzi chimayeza munda ngati wagona pathyathyathya, koma ngakhale pamene nthaka imakwera mita imodzi pa mamita asanu alionse, kusiyana kwake ndi pafupifupi magawo 2 pa 100, kochepa kuposa chikayiko cha timabokosi.

Pomaliza, auzeni ophunzira momveka kuti yankho la timabokosi si chikalata. Malinga ndi Lamulo la Malo la 1997, nthaka ya Mozambiki ndi ya Boma, ndipo anthu amakhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, umene umadziwika ndi dzina lakuti DUAT. Miyezo yolowa m'zikalata za ufuluwu imatengedwa ndi akatswiri oyeza malo, ndi zipangizo zawo. Ntchito ya timabokosi ndi kupatsa munthu nambala yakeyake, yoti aiike pambali pa imene wauzidwa nkuona ngati zikuyandikana.

Kayendetsedwe ka chilankhulo m'phunziroli

Gawo la chingwe, la kabokosi ka pabwalo ndi la kukambirana za todulidwa lichitike m'chilankhulo cha ana, chifukwa ndi pamene ganizo limabadwa. Mumzinda wa Tete muno ana ambiri amalankhula Chinyungwe, choncho pa maphunziro oyeserera funsani anawo mawu amene kwawo amatchulira malire ndi kukula kwa munda, ndipo mugwiritse ntchito amenewo. Mawu a Chipwitikizi abwere ganizo litakhazikika, limodzi ndi limodzi, lililonse likulembedwa pambali pa mnzake wa chilankhulo cha ana. Zizindikiro monga m² ndi ha sizisintha m'zilankhulo zonse, ndipo ndizo mlatho wa pakati pake. Kuti mudziwe ngati mwana wamvetsa, musamufunse tanthauzo la ariya. Mufunseni afotokoze m'chilankhulo chake chifukwa chimene kabokosi kamodzi kali 400 osati 20.

Ntchito yoti muchite

Pa chithunzi china, kamzere ka mamita 100 katalika masentimita 4. Ukonde ndi wa timabokosi ta sentimita imodzi, ndipo mwapeza todzaza 11 ndi todulidwa 18. Pezani malo amene kabokosi kamodzi kakuimira, mipanda iwiri ya kukula kwa munda, ndi kukula koyerekeza m'mahekitala. Kenako unikani mayankho a ophunzira atatu: woyamba walemba masikweya mita 500, wachiwiri 18 125, wachitatu 6 875. Nenani chimene aliyense anachita, ndipo lembani m'Chinyanja funso limodzi limene mungamufunse kuti aone yekha pamene waphonya.

Poyesa ntchito yanu: sentimita imodzi ndi mamita 25, kabokosi ndi masikweya mita 625, ndipo munda ndi pafupifupi masikweya mita 12 500, kapena mahekitala 1,25. Wophunzira woyamba anawerenga bwino timabokosi 20 koma anachulukitsa ndi 25. Wachiwiri anatenga todulidwa tonse ngati todzaza, ndipo wachitatu anatisiya tonse. Awiri omalizawa apeza mipanda iwiri ija osadziwa, choncho aikeni pa benchi imodzi ndi chithunzi chimodzi, ndipo muwafunse kuti munda weniweni uli pati pakati pa mayankho awo.